Gumbagumba yanga ya bulutufu ikuimbira aneba m'malo moimbira ine

NaJere_Rosettenville
Odi kuno abale. Safunsa anadya phula, ndiye ine ndifunse. Mwezi watha nditapita ku Ntcheu kukaona mayi ndinabwerako ndi mbale 23 za malemu bambo anga, zimene anagula kuno ku Joni komwe nthawi imene ankagwira ntchito ku migodi. Tingoti mbalezi zabwerera kwawo. Nditafika ndinagula gumbagumba yogwirapo kale ntchito kwa munthu wina wa ku Alberton, R1 600, ya bulutufu, yoti izitumiza nyimbo ku sipika popanda waya. Sipika ndili nayo kale, yomwe ndimamverera nyimbo za m'foni.

Ndikadina batani la bulutufu, kagetsi kamaphethira pang'ono kenako n'kukhazikika pa buluu ngati zagwirana. Mbale ikuzungulira, singano yatera, koma sipika ili duu. Ndikasendeza khutu pafupi ndi singano ndimamva kanyimbo kapansipansi ngati kulira kwa udzudzu, basi. Ndiye Lachitatu cha m'ma 10 usiku kunagogoda mayi wa khomo loyandikana nalo, atavala kale zogonera, akuti sipika yaitali ya pansi pa tivi yawo yangoyamba yokha kuimba simanjemanje ndipo mwana wadzuka. Ine manyazi kugwa nawo. Kodi makinawa ndi ofa, kapena wolakwa ndine?

Mjomba_wa_Yeoville
Kikiki, achemwali mwatsegula wailesi yanuyanu pa Rosettenville! Mutiuze nthawi ya zofunafuna za omvera, ifenso tipereke moni kumudzi.

Tiyamike_Midrand
Lowani pa foni, pa mndandanda wa bulutufu, musake dzina la gumbagumbayo mulidine. Ine zonse ndimalumikiza choncho.

Che_Mawaya
@Tiyamike_Midrand pamenepo ayi achemwali. Foni ndi gumbagumba onse ndi otumiza nyimbo, palibe wolandira. Ngakhale dzina litaoneka pa foni, sangamvane.

@NaJere_Rosettenville makina anu ndi amoyo, ndipo umboni wake ndi mayi anagogoda aja. Singano ikuwerenga, mawu akutuluka, angosochera khomo. Ine ndimakonza mawailesi m'tauni muno ndipo nkhani iyi imandipeza kawirikawiri, makamaka kwa anthu a m'mafulati.

Vuto lagona poti gumbagumba ilibe sikirini. Pa foni mumaona mayina n'kusankha nokha. Gumbagumba siona mayina, ikayamba kusaka imangogwira sipika iliyonse imene yapezeka ili yokonzeka kupeya. Sipika yanu sinali yokonzeka, chifukwa mukangoiyatsa imathamangira kwa mnzake wakale, foni yanu, n'kusiya kudzionetsa kwa ena. Pomwe masipika ambiri a pa tivi, akakhala pa bulutufu popanda cholumikizidwa, amangokhala chitsegukire kudikira aliyense. Bulutufu imafika mamita pafupifupi 10, ndipo khoma limodzi la fulati siliitchinga yonse. Ndiye gumbagumba yanu inasaka, inapeza khomo lotsegula ndi la aneba, n'kulowa.

Chitani motere. Zimitsani bulutufu pa foni, ndi pa laputopu ngati ilipo. Pemphani mayiwo azule sipika yawo pa magetsi kwa mphindi zisanu zokha. Ikani sipika yanu pafupi ndi gumbagumba, osaposa mita imodzi. Yambani ndi sipika, osati gumbagumba: dinani batani lake la bulutufu osalisiya mpaka kagetsi kayambe kuphethira mofulumira kapena ilire kamawu koti ikusaka. Pokhapo mudine la pa gumbagumba, nalonso osalisiya kwa masekondi angapo. Muzidikira, nthawi zina zimatenga theka la mphindi. Chizindikiro choti zatheka musachitenge pa gumbagumba pokha, sipika yanunso isiye kuphethira. Kagetsi ka buluu kaja kamangonena kuti yagwira china chake, sikanena kuti ndi cha ndani.

NaJere_Rosettenville
Zikomo Che Mawaya. Zoti foni yanga yomwe ndi imene ikundilanda sipika sindinaziganize n'komwe. Ndikaweruka ndigula buledi ndikapepese kwa aneba, ndiwapemphenso zozula pulagizo.

BamboA_Chiso
Ine yanganso ndi chimodzimodzi. Ndinagula ya ngati kasutikesi ija, ili ndi timasipika take m'mbali. Pa bokosi analemba bulutufu koma mahedifoni anga akukana kugwira mwezi wonse uno. Ndayesa zonse mwanenazi.

Che_Mawaya
@BamboA_Chiso yanu mwina si chimodzimodzi bambo. Tayesani izi: ikani pa bulutufu, mutenge foni musake. Dzina lake likaoneka, n'kulumikizana, nyimbo za m'foni n'kumatulukira m'timasipika taketo, ndiye kuti yanu ndi yolandira. Tambiri ta sutikesi tili choncho. Bulutufu yake ndi yolowetsa nyimbo, osati yotulutsa. Ina imakhala ndi zonse ziwiri ndipo pa kaswichi amalembapo `BT IN` ndi `BT OUT`. Ngati `OUT` palibe paliponse, ngakhale m'kabuku kake, mahedifoniwo sadzagwira mpaka kalekale.

BamboA_Chiso
Ndayesa pompano. Foni yagwira msangamsanga. Ndiye kuti ndinagula sipika yokhala ndi mbale pamwamba?

Che_Mawaya
Musataye mtima. Ngati kumbuyo kuli mabowo awiri, lofiira ndi loyera, kapena bowo la mahedifoni, kuli kachipangizo kotumiza bulutufu kamene mumalowetsa pamenepo. Pogula munene kuti mukufuna kotumiza, chifukwa kolandira kamaoneka chimodzimodzi ndipo mungabwerezenso ngozi yomweyi.

Gogo_Wenela
Ana inu nkhani yanu ya bulutufuyi ine sindikuitola, koma mbale za bambo ake a NaJere zandikumbutsa kutali. Kwathu ku Mzimba munthu akabwera ku Joni, chizindikiro chinali njinga, chikhothi ndi gumbagumba ya mabatire. Mudzi wonse unkasonkhana pakhonde. Achimwene anga aakulu anapita pa Wenela, ankakwera ndege kudzera ku Francistown. Ndege ija itagwa kumeneko mu 1974, Kamuzu analetsa zopita ku migodi. Anadzatsegulanso mu 1977, dzina litasintha kukhala TEBA, ife n'kumati Theba, mpaka zinadzatheratu mu 1988. NaJere mwana wanga, tayang'ana pakati pa mbalezo, ndikhulupirira zambiri zalembedwa Gallo.

NaJere_Rosettenville
Agogo mwalasa. Zingapo ndi za Gallo ndithu. Bambo anapita nthawi ya Theba, ine ndisanabadwe. Pa mapepala ena analembapo dzina lawo ndi bolopeni kuti obwereka asazikanirire.

Mjomba_wa_Yeoville
Koma munaziyendetsa bwanji pa basi osapindika? Mnzanga anaika zake pansi pa thumba la ufa ndi usipa, podzafika pa Beitbridge ndi kutentha kuja zinali ngati zitumbuwa.

NaJere_Rosettenville
Ndinazinyamula pamiyendo, choimika, kuyambira ku Dedza mpaka Park Station. Mayi anandilangiza kuti mbale sagoneka ndipo saika padzuwa.

Analogi_Basi
Pepani ndilowerere. Ine chimene sindimvetsa n'choti munthu uvutike kusunga mbale zaka zonsezi kenako mawu ake uwapititse pa bulutufu. Ubwino wonse wa mbale ndi woti mawu amachoka mu mzere kudzera pa singano mpaka ku sipika osadulidwadulidwa kukhala manambala. Bulutufu imawasandutsa manambala, n'kuwafinya, n'kutayako ena. Mapeto ake mukumvera zofanana ndi za m'foni, kungowonjezapo thetheya wa mbale. Gulani ampu ndi masipika a waya, nkhani ithe.

Tiyamike_Midrand
Mulipira ndinu? Munthu akukhala m'chipinda chimodzi, ampu aiika pati?

Analogi_Basi
Ampu yakale simadya malo kuposa gumbagumbayo. Ndikungonena chilungamo.

Che_Mawaya
@Analogi_Basi theka la zimene mwanena ndi zoona achimwene. Singano imatulutsa mphamvu yochepa kwambiri, mamilivoti 3 mpaka 5. M'kati mwa gumbagumba za bulutufu muli kaampu kamene kamaikweza pafupifupi ka 100, n'kubwezeretsanso besi imene amaichepetsa dala podinda mbale. Kenako mawuwo amasandutsidwadi manambala n'kufinyidwa. Njira imene chipangizo chilichonse cha nyimbo pa bulutufu chimaidziwa ndi SBC, ndipo zikakhala bwino imanyamula makilobiti 328 pa sekondi, pomwe CD imanyamula 1,411. Ndiye kutayako kulipo, sindikukana.

Pomwe tikusiyana ndi apa. Kodi chofooka kwambiri pa makina a achemwaliwa ndi chiti? Mbale za zaka zoposa 35 zimene zaimbidwa pa gumbagumba ya mabatire ya singano yolemera. Singano ya makina ogula kwa munthu, imene sitikudziwa yayenda maola angati. Ndi sipika imodzi yonyamula m'manja, imene mawu a kumanzere ndi a kumanja amatulukira pafupifupi malo amodzi. Pa zitatuzi, kufinya kwa bulutufu kuli kumapeto kwa mzere. Ine ndayesapo pa benchi yanga, sipika yomweyo, mbale yomweyo, kamodzi pa waya kamodzi pa bulutufu, anyamata anga atatembenuka. Ankangolota. Mukandibweretsera ampu yabwino ndi masipika awiri otalikirana, pamenepo ndivomera kuti waya apambana, makamaka pa mawu osongoka ngati a zitsulo za ng'oma.

Analogi_Basi
Anyamata anu makutu awo anaphedwa kale ndi amapiyano. Ine ndingasiyanitse nditatseka maso.

Che_Mawaya
Bwerani Loweruka, chitenje chomangira kumaso ndipereka ine.

Kondwa_Kempton
Nanga aptX? Pa bokosi la yanga analemba aptX ndipo wogulitsa anati ndi chimodzimodzi CD.

Che_Mawaya
Si chimodzimodzi, nayonso imafinya, makilobiti 352. Komanso imagwira pokhapokha mbali zonse ziwiri zili nayo. Sipika kapena mahedifoni akakhala alibe, awiriwo amangogwirizana mwakachetechete kubwerera pa SBC, inu osadziwa.

NaJere_Rosettenville
Abale zatheka! Aneba anazula pulagi, ndinazimitsa bulutufu ya foni, ndinayamba ndi sipika monga munanenera. Pasanathe masekondi 20 inalira kuti tii, nyimbo ija n'kuyamba. Ndinakhala pansi kulira, chifukwa ndi imene bambo ankaika Lamulungu m'mawa akupolisha nsapato. Poyamba mawu ankakoka ngati woimbayo waledzera, kenako ndinazindikira kuti kambale kakang'ono kamafuna 45 pomwe ine ndinasiya pa 33.

Koma kwabuka zina. Nditatenga sipika kupita nayo kukhitchini kuti ndizimvera ndikuphika, nyimbo ikumadukaduka. Komanso mbale imodzi yaikulu, nyimbo yomaliza ya mbali iliyonse ikumveka yokhakhala, makamaka oimba akakweza mawu. Kodi zonsezi ndi bulutufu?

Analogi_Basi
Ndinanena ine.

Kondwa_Kempton
Yang'anani kumbuyo, kuli kaswichi kolembedwa `PHONO` ndi `LINE`. Ikani pa `LINE`. Kakakhala pa `PHONO` mawu amakhakhala. Ine zinandichitikira.

Mlongo_wa_Turffontein
@Kondwa_Kempton inu zinakuchitikirani pa waya kapena pa bulutufu? Pa yanga kaswichiko kamangolamulira mawaya a kumbuyo, bulutufu imaimba chimodzimodzi kulikonse ndingakaike. Ndipo pa waya, ukaika `PHONO` n'kulowetsa mu sipika wamba, mawu sakhakhala, amakhala apansi kwambiri komanso opyapyala opanda besi. Kukhakhala kumabwera ukachita zosemphana, kuika `LINE` n'kulowetsa m'bowo la `PHONO` la pa ampu, chifukwa wakweza kawiri.

Kondwa_Kempton
Panali pa waya. Chabwino, koma kuika pa `LINE` sikuononga kanthu.

Che_Mawaya
Sikuononga, koma si mankhwala a matendawa. Achemwali, apa pali matenda awiri osiyana ndipo mukhoza kuwasiyanitsa ndi khutu lokha.

Loyamba, kudukaduka. Mvetserani bwino mmene ikudukira. Singano ikadumpha mumamva kaphokoso koti thi, mawu ena n'kusowa kapena kubwerezedwa, ndipo mukaibwezera imadumphanso pamalo pomwepo, chifukwa chilema chili pa mbale. Bulutufu ikaduka mumamva zii kwa kamphindi, kenako nyimbo imapitirira pamene ikanafika ikanakhala kuti sinaduke, chifukwa mbale sinaime. Mukabwereza siiduka malo omwewo. Zanuzi zayamba mutapita kukhitchini, ndiye ndikukayikira bulutufu. Imayenda pa 2.4 GHz, msewu umodzi ndi waifai yambiri ya m'fulati mwanumo, ndipo maikulowevu ikamatenthetsa chakudya imasokoneza pomwepo. Thupi la munthu nalo limatchinga. Bwezerani sipika pamalo poti ikuonana ndi gumbagumba, ngakhale pakhomo la khitchini, ndipo rauta ikakhala moyandikana ndi gumbagumba muisunthe.

Lachiwiri, kukhakhala kwa nyimbo yomaliza, bulutufu isanamiziridwe. Bulutufu sidziwa kuti iyi ndi nyimbo yoyamba kapena yomaliza. Mbale imazungulira pa liwiro limodzi, koma chakumapeto mzere umakhala wozungulira pang'ono, ndiye mawu omwewo amapanikizana pa kamtunda kakafupi. Singano yotha kapena yodzala fumbi imalephera kutsata bwino pamenepo. Tengani kaburashi kofewa mupukute singano kuchokera kumbuyo kubwera kutsogolo, osati cham'mbali. Mukatero yesani mbale ina. Zikakhala pa mbale zonse, singano yatha. Singano wamba za makina ngati amenewa zimayenda maola 300 mpaka 500, ndipo poti munagula kwa munthu, ine ndikanangosintha osadikira, chifukwa singano yotha imadya mzere ndipo mbale za bambo anuzo simukazipeza pa shopu. Zikakhala pa mbale imodzi yokhayo, ndiye kuti inadyeka kale kumudzi, ndipo palibe angaibwezeretse.

Mukafuna kutsimikiza, sipika yanu ikakhala ndi bowo la `AUX`, gulani kawaya ka mitu iwiri uku, mutu umodzi wa 3.5 mm uku, muike kaswichi pa `LINE`, muimbe nyimbo yomweyo. Chimene chatsala pa waya si mlandu wa bulutufu.

Mlongo_wa_Turffontein
Ndiwonjezepo chimodzi chimene bulutufu imathandiza, poti a Analogi sangachinene. Musaike sipika pa tebulo limodzi ndi gumbagumba. Besi imagwedeza tebulo, singano imatola kugwedezako n'kukubwezera mu sipika, mumamva kung'ung'uza ndipo mukakweza imatha kudumpha. Poti palibe waya, sipika ikhale pa shelefu ina. Kuyandikizitsa kuja n'kwa nthawi yopeya yokha.

Analogi_Basi
Waya wautali amachitanso zomwezo.

Dalitso_Randburg
Poti akatswiri alipo, ine langa ndi la mahedifoni. Ndimagwira ntchito usiku, masana ndimafuna kumvera osasokoneza anzanga ogona nawo nyumba. Ndinapeya timahedifoni tolowetsa m'makutu tija. Singano itangotera ndinachita kutizula, mawu anali okwera ngati ndaika mutu mu sipika ya pa ukwati. Ndasakasaka pochepetsera pa gumbagumba, palibe.

Che_Mawaya
Ambiri mwa makinawa alibedi voliyumu, amasiyira sipika kapena mahedifoni. Pa foni simuona vuto chifukwa mumachepetsera pa foniyo. Ngati timahedifoni tanuto tilibe pochepetsera paokha, mwagwidwa. Ena amalola kuti pa apu yake musinthe kuti kugogoda kapena kusisita kuzichepetsa mawu, tayang'anani. Apo ayi funani mahedifoni a mabatani. Ndipo ulendo woyamba musavale singano isanatere, muyambe mwamvera ali m'manja.

Dalitso_Randburg
Chinanso, ndimamva kanyimbo ka pa singano kakutsogola, m'makutu n'kumabwera mochedwa. Ndi kuonongeka?

Mlongo_wa_Turffontein
Ayi, ndi chibadwa chake. Kufinya, kutumiza ndi kumasula kumatenga nthawi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi. Pomvera chabe zilibe kanthu poti palibe chithunzi choti milomo isemphane ndi mawu. Tsekani chivindikiro, kanyimbo ka pa singanoko simukamvanso kwambiri. Zimavuta ukafuna kuimba pa masipika a waya pabalaza ndi ya bulutufu panja nthawi imodzi. Tinayesa pa chinkhoswe cha mng'ono wanga, zinkamveka ngati makwaya awiri osagwirizana.

Gogo_Wenela
Ife kale vuto linali mabatire okha. Akamatha, woimba ankayamba kukoka mawu, ndiye timawaika padzuwa.

NaJere_Rosettenville
Ndabweranso. Sipika ndaiika pa shelefu yoyang'anana ndi gumbagumba, kuduka kwatha, kupatula ndikayatsa maikulowevu. Singano ndinapukuta, panachoka kampira ka fumbi, kukhakhala kwachepa koma sikunathe, ndipo kukumveka pa mbale zitatu zimene ndayesa. Ndiye ndiitanitsa ina mwezi ukatha, pakadali pano za bambo ndaziimika kaye.

Koma tamverani izi. Dzulo magetsi anathima madzulo. Atayaka ndinayatsa gumbagumba, sipika ndinaiwala kuyatsa. Kagetsi buluu! Sipanathe mphindi, khoma likugogodwa.

Mjomba_wa_Yeoville
Wailesi yabwereranso pa mphepo!

Che_Mawaya
Iya, ndinaiwala kukuchenjezani. Makinawa amasunga zipangizo zimene anapeyapo nazo, ena mpaka 8. Ikayaka imayamba kufuna ya posachedwa, ikaisowa imatha kugwira ina imene ikuikumbukira, ndipo aneba akadali m'mutu mwake. Njira yachidule ndi chizolowezi: sipika iyambe kuyaka, bulutufu ya foni ili yozima, gumbagumba pambuyo. Njira yokhalitsa ndi kufufuta zonse zimene inasunga n'kupeyanso mwatsopano aneba atazulanso pulagi. Kafufutidwe kamasiyana, zambiri ndi kudina batani la bulutufu nthawi yaitali kuposa ya kupeya, koma muone m'kabuku kake kuti musangoyambitsa kusaka kwina n'kugwiranso khomo lomwelo. Ngati kabuku sanakupatseni, lembani nambala ya makina ili pa chomata cha kumbuyo kapena pansi, musake pa intaneti.

Mlongo_wa_Turffontein
Kapena anebawo afufute mbali yawo, kapena azisiya sipika yawo pa `HDMI` kapena `OPTICAL` m'malo mwa bulutufu. Yanga ikakhala pa `HDMI` sigwidwa ndi aliyense.

Kondwa_Kempton
Yanga imagwidwa. Foni ikangolumikiza imadzisinthira yokha kupita pa bulutufu, ngakhale tikuonera mpira.

NaJere_Rosettenville
Kabuku sanandipatse. Chomata ndachipeza pansi koma manambala awiri omaliza anafufutika. Che Mawaya, ndikajambula kutsogolo ndi kumbuyo n'kutumiza pano mungaizindikire? Anebawo akuti mbale yachiwiri ija anaikonda, amayi awo ankavina yomweyo ku Newcastle, koma ndisamaike mwana akagona.

Che_Mawaya
Tumizani, mujambulenso mutu wa singano chapafupi kuti tidziwiretu yoti muitanitse.